Kalata ya Mjigo ya Achemwali Anga

Achemwali anga ndi telala. Zaka makumi awiri akhala pakhonde lomwelo, makina kutsogolo, tepi yopimira m'khosi. Munthu wopima chilichonse, ngakhale mawu. Komiti yopempha mjigo itakhazikitsidwa kumudzi, anawasankha kukhala mlembi. Kolera anali atatenga mwana wawo wamkazi miyezi isanu m'mbuyomo, ndipo chiyambire maliro aja sanalire, sanasekenso. Amangosoka.

Tsiku lina anabwera kutauni, kushopu komwe ndimataipa makalata, ndi pepala lopita kubungwe lina lothandiza za madzi. Ndinawerenga, mutu unandiwira. Mabanja makumi asanu ndi limodzi ndi anayi. Chitsime cha kudambo, ulendo wa mphindi makumi anayi kupita kokha. Njerwa taumba kale, mchenga tituta tokha, anthu awiri avomera kukaphunzira kukonza mjigo. Kumapeto kamzere kamodzi: "Chaka chino kolera wapha anthu awiri m'mudzi muno."

"Achemwali, iyi ndi kalata kapena risiti?" ndinatero. "Olemera satsegula chikwama popanda misozi. Tilembe mabanja mazana atatu. Tiikepo chithunzi cha malemu, chija ali mu yunifolomu. Mwana wosalira amafera m'mbereko!"

Anandiyang'ana ngati akuyang'ana khoma.

"Achimwene, mwana wanga sapemphetsa. Taipani zomwe ndalembazo."

Ndinakwiya, sindibisa. Ndinawauza kuti ulemu sumwedwa, kuti akatikana mudzi wonse udzaloza iwo chala. Iwo anangotulutsa foni n'kundionetsa chithunzi chomwe amafuna: amayi a komiti ataima pambali pa uvuni wa njerwa, onse atavala bwino, ndipo aliyense anali atafunsidwa kaye ngati akulola. Ndinataipa ndikung'ung'udza.

Patapita miyezi iwiri kumudzi kunabwera mayi wa kubungwe kuja kudzaona yekha. Ine ndinapitanso, mtima uli m'mwamba. Mayiyo anawerenga nyumba imodziimodzi, zinakwana ndendende. Anayenda wapansi mpaka kudambo akuyang'ana wotchi, nsapato zake zinatheratu ndi matope. Ndikanalemba mazana atatu aja, abale, ndikanabisala kuti?

Titabwerera pakhonde la achemwali, mayiyo anati makalata ambiri amawalirira, koma iyi inawauza chomwe angachite, ndipo akatswiri abwera kudzapima malo okumba mvula isanayambe. Amayi a komiti analuluta. Kenaka mlendoyo anatsegula kope lake.

"Mayi mlembi, anthu awiri amene anamwalirawa, mabanja awo ndingawaone? Ndikufuna kuwapepesa."



"Lina lili kuseri kwa tchalitchi, akuperekezani," anatero achemwali. "Linalo mwaliona kale."

Mayiyo anatseka kope pang'onopang'ono. Ine misozi inangotsika, ndi manyazi omwe. Achemwali analowetsa ulusi m'singano, n'kupitiriza kupinda siketi ya mwana wa eni.