Pepani wa Tiyi

Mneneri ndakhala naye ofesi imodzi zaka zambiri kufakitale ya sopo, ine ndikusunga mafayilo a tchuthi, iye akulemba za milandu ya antchito. Dzinali tinamupatsa chifukwa palibe chimene chimamudzidzimutsa. Mvula ikagwa, anali atanena. Mnzathu banja likatha, anali ataliona kale pa tsiku la ukwati. Zimene analosera n'kulephereka, zimenezo mutu wake susunga.

Amavala tayi ngakhale kutenthe bwanji, ndipo m'thumba la malaya mumakhala zolembera zinayi, ziwiri zosalemba. Kunyumba kwake ndimamva kuti akazi ake anasiya kumuuza nkhani, poti amawamalizira ziganizo.

Ntchito yake si yofuna nzeru zakuya. Wantchito akaitanidwa kukayankha mlandu, zokambirana zimajambulidwa mawu. Mneneri amamvera n'kulemba mwachidule: anapezekapo ndani, mlandu ndi wotani, mboni yati chiyani, mwini wake wayankha bwanji. Basi. Chidulecho amachiwerenga woimbidwa mlandu ndi womuimira n'kusainira, kenako chimapita kwa manijala, amene sakhala nawo m'chipindamo koma ndiye amagamula. Wolemba sayenera kuthirapo mchere. Koma kuuza Mneneri kuti asathire mchere kuli ngati kuuza tambala kuti asalire.

Mlandu womwe sindidzamukhululukira ndi wa mlonda wa pageti, amene tonse tinkawatcha Bambo a Mapasa. Ankawaimba mlandu wotulutsa lole osawerenga makatoni, ndiye ena anasowa. Akanapezeka olakwa, ntchito ikanatha.

Mneneri samvera ndi zam'makutu, amatsegula mawu ofesi yonse kuti tidziwe kuti ali pantchito yaikulu. Choncho ndinamva ndekha. Wapampando wa zokambiranazo anawafunsa ngati anawerenga makatoni. Asanayankhe, panamveka kapu kugwa, wapampando n'kudandaula kuti tiyi wawawotcha mwendo. Bambo a Mapasa, mwaulemu wawo uja, anati, “Pepani, bwana, pepani ndithu.” Atapukuta tebulo, anayankha bwinobwino kuti anawerenga, ndipo dalaivala anasaina.

Pa pepala la Mneneri panalembedwa kuti: “Atafunsidwa, woimbidwa mlandu anapepesa kawiri, kusonyeza kuti akudziwa kulakwa kwake. Kenako anayesa kudziteteza.” Pansi anawonjezera mphatso yake: “Zikuoneka kuti nkhaniyi ithera pa kuchotsedwa ntchito.”

“Achimwene,” ndinatero, “pepani ameneyo ndi wa tiyi. Bwanji osangolemba kuti anafunsidwa chakuti, anayankha chakuti?”

“Mayi, inu muziwerenga masiku a tchuthi,” anayankha akukonza tayi. “Tepi imamva mawu, ine ndimamva mtima. Munthu wosalakwa sanjenjemera mawu chonchija.”

“Nanga za kuchotsedwazo ananena ndani m'chipindamo?”

“Ndikuwafupikitsira njira abwana.”

Ndinapita kukauza womuimira mlondayo, wa bungwe la antchito, koma ndinapeza atapita kumaliro. Mneneri sanadikire. Lachisanu anaitana Bambo a Mapasa n'kuwapatsa pepala lija. Anawerenga ataimirira, chipewa chili m'khwapa, milomo ikutsatira mawu. Iwo pepala la mu ofesi ankaliona ngati chigamulo. Ndinawatsatira pakhonde n'kuwauza kuti manijala sanaone n'komwe, asasaine. Anangoti, “Zikomo, mayi. Koma zalembedwa.”

Sanasaine. Lolemba anabweretsa kalata yosiya ntchito okha, poopa kuti dzina loti anachotsedwa chifukwa cha katundu wosowa liwatsekera mageti onse. Mlonda alibe china chogulitsa kupatula dzina lake.

Wa bungwe uja atabwera, anawerenga chidulecho n'kukana kuti si zomwe zinanenedwa. Manijala anamvera yekha mawu ojambulidwa, anaitanitsa buku la pageti, napeza siginecha ya dalaivala pomwe mlonda ananena. Mlandu panalibe. Anatuma mesenjala kukaitana Bambo a Mapasa, koma m'nyumba yawo ya lendi anapezamo anthu ena. Anali atasamuka ndi mapasa awo, oyandikana nawo osadziwa kuti alowera kuti.

Mneneri analandira kalata yochenjeza ndipo manijala anamulembetsanso chidule chija. Chachiwiricho chinali chachifupi, chouma, cholondola: funso, yankho, kapu inagwa, woimbidwa mlandu anapepesa wapampando chifukwa cha tiyi. Ndiye kuti kulemba bwino amatha, anangoona kuti sikumukwanira. Tinachiika m'fayilo ya munthu amene sadzachiwerenga.

Mpaka lero ndimakhala moyang'anana naye, ndipo moni wake ndimayankha ndi mutu. Sabata yatha tikutuluka, tinadutsa pageti pomwe pali mlonda watsopano. Mneneri anaima, anayang'ana kanyumba kaja, n'kundigwira pamkono.

“Mukukumbukira, mayi?” anatero. “Ndinanena ine kuti mkulu uja achoka.”