Bokosi limene a Kefasi anaikamo akazi awo

A Kefasi Mateyo sanabadwire kuno ku Chiosya. Anakulira pa esiteti ya fodya cha ku Mkanda, komwe makolo awo anali matenanti ochokera ku Dedza. Pa esiteti mwana amaphunzira msanga kuti wamphamvu ndi uja wobwera pa galimoto, amene akamayankhula bambo ako amavula chipewa. Sukulu analekezera Fomu 2, koma dzanja lawo polemba linali lokongola zedi, moti makalata a mpingo onse ankalemba ndi iwo. Kuno anabwera chifukwa cha banja. Anakwatira mai Anastazia nakhala pachikamwini, kulima munda wa kwa akazi awo, ndipo mwana wawo woyamba Pemphero ndi amene anawapatsa dzina loti bambo a Pemphero.

Kopaletivi ya alimi a mtedza itayamba, anawasankha kukhala mlembi. Kwa munthu amene pamudzi sankafunsidwa nzeru ngakhale pa nkhani ya mbuzi, udindo umenewu unali moyo wawo wonse. Fungulo la shedi ya kopaletivi ankalimangirira pa lamba, likulendewera poyera ngakhale Lamulungu.

Mu 2006 kunabwera kalata yochokera kwa wogula wamkulu, amene ankatumiza mtedza wawo kunja. Inati mtedza wa chaka chathacho unapezeka ndi chuku chambiri, ndipo zikachitikanso asadzatumizenso thumba ngakhale limodzi. Gwero lake aliyense ankalidziwa. Kuno poswa mtedza timayamba tauwaza madzi kuti makoko afewe, apo ayi zala zimachita zilonda. Madzi omwewo ndi amene amalowa mkati n'kubereka chuku. Choncho komiti inagwirizana zosintha: aliyense azibweretsa mtedza wosaswa, wouma bwino, ndipo uziswedwa ku shedi ndi makina opukusa pamanja.

Mlangizi wina wa bungwe lothandiza makopaletivi, a Fletcher, anaitana komiti ku Kamwendo kukaphunzira kayendetsedwe ka kusinthako. Anakhoma chipepala chachikulu pakhoma najambula mizere iwiri yopingasana, pakhala mabokosi anayi.

"Kukwera m'mwamba ndi mphamvu," anatero. "Kupita kumanja ndi chidwi, kutanthauza kuti nkhaniyi ikumukhudza bwanji munthuyo. Ali pamwamba kumanja, amphamvu komanso achidwi, muzikhala nawo pansi pa chilichonse, muzipangira limodzi. Pamwamba kumanzere, amphamvu koma alibe nazo ntchito kwenikweni, asangalatseni asakhumudwe. Pansi kumanja, achidwi koma opanda mphamvu, muziwauza zonse zimene zikuchitika. Pansi kumanzere, ingowayang'anirani, osatayapo nthawi yambiri."

Kenako anagogoda pakhomapo ndi cholembera. "Koma tamvetsetsani. Mphamvu si kuvala tayi. Dzifunseni kuti munthu ameneyu akakana, ntchito iyima kodi? Ndipo anthu amasuntha. Pepala ili muzilionanso mwezi ndi mwezi."

A Kefasi analemba mawu onsewo m'kope lawo, mpaka kudula mzere kunsi kwake. Pobwerera panjinga ankangomwetulira okha. Anali asanaonepo chinthu chosanja dziko bwino chonchi.

Loweruka lotsatira komiti inakumana mu shedi kuti idzaze mabokosiwo. A Kefasi anakhoma pakhoma chipepala chawochawo cha mabokosi anayi, nadula timapepala, kalikonse dzina lake, n'kumamata ndi phala la ufa. Wogula uja anapita pamwamba kumanja popanda wotsutsa, pamodzi ndi komiti yeniyeniyo. Mwini esiteti amene ankawabwereka lole anapita pamwamba kumanzere, pamodzi ndi akuluakulu a zaulimi a ku boma. Mamembala, omwe m'kaundula ambiri anali mayina a amuna, anaikidwa pansi kumanja. Mavenda oyenda ndi masikelo panjinga, ena ogulira a ku Zambia, anaponyedwa pansi kumanzere.

"Nanga amayi oswa mtedza muwaika pati?" anafunsa mai Luwiza, mzimayi yekhayo m'komiti.

Wapampando, a Greyson, anaseka mpaka kutsokomola. "Amayi? Ndiye tiikemonso nkhuku, nazonso zimatola mtedza pakhonde."

"Sekani, apampando. Koma kwanu amawaza madzi ndani, inuyo?"

"Ine ndikalamula pakhomo panga zatha."

"Pakhomo panu pati? Paja inu ndi a Kefasi nonse ndinu akamwini. Munabwera ndi munda pa kaliyala wa njinga?"

Anthu anaseka, ena akuwomba m'manja. A Kefasi anayang'ana m'kope, pa mzere umene anadula uja, ndipo funso la a Fletcher analiona bwinobwino. Koma m'mutu mwawo munthu wamphamvu anali adakali wa galimoto. Amayi alibe voti, m'kaundula mulibe mayina awo, sasaina kalikonse. Ndiponso makina akubwera kudzawapumitsa, adandaulanso chiyani? Analemba kuti "Amayi oswa" ndi dzanja lawo lokongola lija, namata pansi kumanzere, pafupi ndi mavenda.

Kuyambira pamenepo anatsata pepalalo mokhulupirika ngati malamulo khumi. Wogula ankamuimbira foni pa bulo ya matelefoni ya ku Kamwendo sabata iliyonse. Mwini esiteti anamupititsira tambala. Mamembala anawaitanira misonkhano itatu, amuna n'kumagwedeza mitu kuti zamveka. Amayi sanaitanidwe. Pepalalo linakhala pakhoma kuyambira Malichi mpaka Ogasiti osasuntha kapepala ngakhale kamodzi.

Mtedza unakumbidwa, unathotholedwa, unauma. Makina awiri anafika, opakidwa penti yobiriwira. A Kefasi ankatsekula shedi m'mamawa n'kukhala pakhomo kudikira ngolo. Sabata yoyamba kunabwera matumba asanu ndi anayi. Yachiwiri anayi. Mamembala akakumana nawo panjira ankangoti, "Tibweretsa, alembi, kungoti kunyumba zinthu sizinalongosoke." Pomwe m'makonde monse, kuyambira kuchigayo mpaka kudambo, kunkangomveka thwa, thwa, thwa, amayi ali m'magulu, beseni la madzi pambali. Masana mavenda ankadutsa akuliza belu, ndipo iwo za chuku sankafunsa.

Kwawo komwe kwa a Kefasi zinali chimodzimodzi. Tsiku lina pobwera kudzadya anapeza mai Anastazia akuwaza madzi pamulu.

"Mai a Pemphero, mukundichititsa manyazi. Mkazi wa mlembi?"

"Mlembi wa ku shedi," anayankha osadzutsa mutu. "Uwu ndi mtedza wa m'munda mwa mai anga."

A Kefasi anangoti ndi mkwiyo wa masiku awiri, uzizira. Sanafunse chifukwa.

Tsiku la lole litayandikira, mu shedi munali matumba osakwana ngakhale theka la theka la amene analonjeza. A Greyson anati palibe kuchitira mwina, alandire ndi woswedwa kunyumba womwe, bola lole idzaze. Mai Luwiza anakana, a Kefasi anakhala chete, ndipo chete wawoyo anawerengedwa ngati kuvomera. Anasankha mtedzawo masiku atatu, kutaya wakuda ndi wofota. Koma chuku china sichioneka ndi maso. Patatha masabata atatu kalata ya wogula uja inabwera, ya mizere inayi yokha: chuku chapezekanso, asadzatumizenso. A Kefasi anaiwerenga kawiri ataima, kachitatu atakhala pa sikelo.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, anamatula chipepala chija napita nacho kunyumba. Anachiyala pamkeka pamaso pa akazi awo ngati munthu wobweretsa mlandu.

"Taonani. Zonse tinachita monga anatiphunzitsira. Mwatiphera kopaletivi ndinu amayi."

Mai Anastazia anapukuta manja pachitenje. Kuwerenga ankadziwa pang'ono, ndipo anayendetsa chala mpaka anadzipeza.

"Ife ndi awa? Pamodzi ndi mavenda? Bokosi limeneli ndi la chiyani?"

"La anthu ongowayang'anira."

"Ndiye munatiyang'anira?"

Mai Anastazia anachotsa chala papepalapo napitiriza.

"Bambo a Pemphero, ine ndikamaswa mtedza pano, wosweka ndi mphwephwa ndimaika padera. Nsinjiro za chaka chonse zimachokera pamenepo, phala la ana, ndiwo. Wabwino kwambiri ndimasunga mbewu. Mchere ukatha ndimatapa mbale imodzi, sindipempha munthu. Inu munati wonse upite ku shedi ndi makoko ake, pa dzina lanu. Wosweka ndi makina anuwo ukanapita kuti? Ndani anatiuza?"

"Tikanakubwezerani. Imeneyo si nkhani yovuta."

"Eya, si yovuta. Ife tinakambirana kuchitsime kalekale. Tinati akatiitana tikawauza kuti makinawo tizipukusa ndife, wosweka tizibwerera nawo, mbewu tizipatula tisanapereke. Mukuganiza kuti timakonda kuswa ndi manja? Taonani zalazi." Anatambasula manja. Nsonga za chala chachikulu ndi chamkombaphala zinali zong'aluka ngati nthaka ya mu Okutobala. "Tinadikira Epulo, Meyi, Juni. Mai Luwiza anatiuza za nkhuku zija. Ndiye tinati chabwino, nkhuku zitole mtedza wake."

"Bwanji osandiuza ine? Timagona nyumba imodzi."

"Munandifunsa? Tambala wanga munakapereka kwa bwana wa lole. Ine ngakhale funso limodzi."

A Kefasi anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako anamatula kapepala ka amayi ndi chikhadabo, nakaika pamwamba kumanja, pamwamba pa dzina la wogula. Phala linali litauma kalekale. Kanangotsetsereka n'kugwera pamkeka.

Anayesabe. Anapalasa njinga mpaka ku Kamwendo kukaimbira wogula, koma anauzidwa kuti apeza kale alimi ena. A Fletcher anali atasamutsidwira boma lina. Msonkhano umene a Kefasi anaitanira amayi unachitika ndithu, ndipo anabwera ambiri kuposa amuna pa misonkhano itatu ija, koma panalibenso choti akambirane. Chaka chotsatira mamembala anabalalika. Shedi anaibwereka venda wina, amene anabwera ndi loko wake. Makina aja ali kuseri, penti yobiriwira inasanduka dzimbiri.

Fungulo lakale a Kefasi akadali nalo pa lamba, ngakhale silitsekula chilichonse. Anthu amawatchulabe alembi, ena mwaulemu, ena ayi. Chipepala chija anachipinda n'kuchiika pansi pa matiresi.

Chaka chino ndi iwo amene amathandiza akazi awo kuswa mtedza pakhonde, poti ntchito ina palibe. Tsiku loyamba anakana madzi. Anati iwo aswa wouma, aonetse kuti n'zotheka. Pofika masana chala chinali chitang'ambika, magazi akudontha pa makoko, ndipo m'lichero mwawo munali mtedza wosadzaza ndi mbale yomwe. Kumsewu venda ankaliza belu. Mai Anastazia anangokankhira beseni ndi phazi kufupi ndi iwo. A Kefasi analiyang'ana, nayang'ana mulu umene unatsala, kenako anaviika dzanja m'madzimo n'kuwaza.