Lamba wa chaka cha 1986

Ine mphuno yanga ndi yoopsa. Ndikanunkhiza nsapato ndimatchula dzina la ng'ombe imene inasendedwa chikopacho, khola lake, ngakhale udzu umene inadya tsiku lomaliza. Chabwino, ndanama. Mphuno yanga siisiyanitsa utaka ndi sopo. Mwini mphuno yoteroyo anali alamu anga a Bonifasio, amuna a mlongo wanga Helena, amene anasoka nsapato pa Namitambo zaka makumi atatu.

Chikopa anachidziwira ku Mikolongwe, komwe ali mnyamata ankasenda ndi kuyanika zikumba. Atakhazikika pansi pa mtengo wa mango pamsika, anthu ankawabweretsera nsapato zogula ku Limbe kuti amve ngati awabera. A Bonifasio ankayamba aifumbatira nsapatoyo ngati mwanapiye.

"Chikopa chimafunda ukachigwira," ankatero, "ndipo ukachidina chimachita makwinya ngati nkhope ya apongozi. Ichi chikungoterera. Mwagula beseni, bambo."

Ine ndimati tsiku lina anabweza ng'ombe yamoyo, ati ndi ya pulasitiki. Imeneyo musaikhulupirire.

Mwana wamwamuna anali naye mmodzi, Rafaeli, ndipo zonsezi anamuphunzitsa asanapite ku migodi ya ku Joni. Bambo sankawerenga, mwana kulemba kunkamuvuta, choncho kalata yawo inali chikopa. Khirisimasi iliyonse kunkabwera kaphukusi: mwina lamba, mwina kachikwama. A Bonifasio akanunkhiza ankangoti, "Ali moyo, ndipo mutu ukugwira."

Kenaka maso awo anayamba kuchita khungu, chifuwa nacho n'kuwagoneka. Singano anaisiya. M'Novembala wa 1986 kalata inafika kwa ine monga malume ake a Rafaeli: mwala unamugwera pansi pa mgodi, ndipo anamuika konko. Helena anakalirira kumunda, kutali ndi nyumba, kuti amuna ake asamve. Tinagwirizana zobisa mpaka odwalawo atapezako mphamvu.

Koma Khirisimasi siidikira odwala. M'mawa uliwonse a Bonifasio ankakhala pakhonde, khutu lili kumsewu, kumvetsera belu la njinga ya wobweretsa makalata. "Kupositi kulibe kanthu?" Helena ankangoti mvula yachedwetsa galimoto.

Ndiye ine, wanzeru zonse za m'Chiradzulu muno, ndinakwera basi kukagula lamba ku Limbe. Wonyezimira moti ntchentche ikatera inkathyoka mwendo. Wogulitsa analumbira kuti ndi ng'ombe yeniyeni. Ndinaukulunga m'pepala, n'kumanga ndi chingwe.

A Bonifasio ndinawapeza masana akuwothera dzuwa.

"Alamu, tulani nkhawa! Mnyamata watumiza. Akuti wanenepa moti chikepe cha mumgodi chikumukana."

Anamwetulira pomasula chingwe. Kenaka anaufumbatira lambayo. Anadikira kuti ufunde. Anaudina ndi chala chachikulu, n'kuyendetsa chalacho pang'onopang'ono: timizere take tonse tinali tofanana, ngati tochita kudinda. Anaufikitsa pamphuno, kufuna fungo lija la khola ndi khungwa lofufutira zikopa, koma anapeza la ndowa yatsopano.

"Helena, patse mpeni wanga."

"Mukufuna kuwononga mphatso ya mwana?" ndinatero ine.

Analandira mpeniwo kwa Helena. Anadula kachidutswa kunsonga n'kukanda podulapo ndi chikhadabo. Chikopa chenicheni chikadulidwa chimaonetsa timinyewa tolukanalukana, ngati nyama yofutsa. Apa panali posalala, ndipo chikhadabo chinalekanitsa magawo awiri: kakhungu kopyapyala pamwamba, nsalu pansi.

Komabe sanafune kukhulupirira. Anapempha madzi m'kapu. Anapala lambayo pang'ono ndi mpeni, poti polishi amatha kunamiza munthu, chikopa chopakidwa kwambiri nacho chimakana madzi. Anadonthezapo dontho limodzi, n'kugwira lambayo chopingasa pamaondo. Anadikira nthawi yoti chikopa chikanamwa kale madziwo. Atagwirapo, dontho linali pomwepo, lathunthu, ngati pa tsamba la koko. Linatsetsereka n'kugwera pansi.

"Mwina anagula mothamanga," ndinatero. "Ku Joni zikopa zasintha, alamu. Ng'ombe zakumeneko zimadya mapepala."

"Goliati," anatero, osati alamu monga mwa masiku onse. "Mwandinamiza zaka makumi atatu ndipo ndakhala ndikuseka. Mwana uja ndinamuphunzitsa ndi manja awa. Angakhale ataledzera, angakhale mumdima wa pansi pa nthaka, ichi sangachitole."

Anauika lambayo pambali bwinobwino, ngati chinthu cha eni ake. Anatembenukira komwe kunkamveka kupuma kwa Helena, kenaka kwa ine.

"Uyu mwagula ndinu. Tsopano ndiuzeni, anamuika liti?"