Tsiku Limene Linasowa pa Lendi ya Apongozi

Apongozi anga aakazi ali ndi zipinda zitatu za lendi ku Kachulu, kuseri kwa mathandala oyanikapo nsomba, ndipo makiyi ake ndimasunga ine. Pamudzi pano ndine mkamwini. Munda si wanga, mbuzi si zanga, ngakhale pamthunzi wa mango ndimakhalapo mochita kubwereka. Makiyi atatuwo ndiwo udindo wokhawo umene ndili nawo. Ndinapatsidwa chifukwa ndinafika Folomu 4, komanso chifukwa mlamu wanga, amene ankawasunga poyamba, ndalama zinkamuthawa m'thumba ali chiimire. Tsiku londipatsa, apongozi anatumiza mawu akuti ikadzangosowa ngakhale tambala, makiyi abwerere kwa eni ake.

Ndati anatumiza mawu chifukwa ine ndi apongozi sitiyankhulana maso ndi maso. Kuno ndi mmene timapatsirana ulemu. Tikakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire, ndipo wopatukayo nthawi zonse ndimakhala ine. Tsiku lina ndinapatukira m'munda wa mpunga, madzi olekeza m'khosi, ndipo potuluka ndinapeza mlamba m'thumba la malaya. Sindikunama ayi, mlambawo tinauwamba ndipo alipo anthu amene anadya nawo. Zaka zisanu ndi zinayi ndili pabanja, chimene ndimachidziwa bwino pa apongozi ndi mawu awo ndi zidendene. Nkhani iliyonse ya pakati pathu imadzera mwa mkazi wanga.

Mwezi wa Malichi chaka china, nyanja itangotsegulidwa kuti asodzi ayambenso kupha nsomba, chipinda chapakati chinali chopanda munthu. Pa 19, Lachiwiri masana, panatsika mayi wina wochokera ku Songani, wogula matemba padoko n'kumakagulitsa kumisika. Anali ndi mphasa, mbaula, mabeseni awiri ndi mulu wa matumba opanda kanthu. Mkazi wanga ndi apongozi anali atapita kumaliro cha ku Zomba, choncho pamudzi wamkulu ndinali ine, kwa nthawi yoyamba chikwatirire.

Ndinawauza mayiwo kuti chipinda ndi K20,000 pamwezi. Anayang'ana denga, anagogoda chitseko ngati akusankha chivwende, kenako anati chipindacho achikonda koma mwezi wathunthu sangalipire. Anati mwezi wapita kale, watsala mchira wokha, ndipo mpamba wawo ndi wogulira nsomba, osati wolipirira masiku amene anagona kwawo ku Songani. Ya Epulo adzapereka yonse pa 1, koma ya Malichi ndiwawerengere masiku awo okha.

Anthu a lendi onse m'mbuyomu ankalowa pa 1, ndiye nkhani yotere inali isanachitikepo. Koma ndinaona kuti mayiwo akunena zomveka, ndipo ndikawakaniza apita kwa aneba, chipinda chikhalabe cha makoswe. Ndinatulutsa foni. Ndinawafotokozera, mwaulemu wa munthu wophunzira, kuti lendi ya mwezi timaigawa ndi masiku a mwezi womwewo, ndipo Malichi ali ndi masiku 31, osati 30 monga amawerengera anthu aulesi. K20,000 kugawa ndi 31 inabwera K645 ndi matambala pang'ono patsiku. Mpaka pamenepo ndinali bwinobwino, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike.

Kenako ndinati 31 kuchotsera 19, yankho 12. Masiku 12 pa mtengo umenewo inakwana K7,742, ndipo poti ndalama zachitsulo masiku ano ngakhale nkhuku sizitola, tinagwirizana K7,750. Mayiwo anandiyang'ana kanthawi ndithu, kenako anamasula kansalu kawo n'kuwerenga ndalamazo mofulumira kwambiri. Ine ndinaganiza kuti achita chidwi ndi masamu anga. Ndinalemba risiti m'kope, ndinasaina siginecha yanga yaitali ija ya masiku apadera, n'kuwapatsa kiyi.

Lachisanu a kumaliro anabwera. Madzulo ake tinakhala monga timakhalira pa nkhani za lendi: apongozi pakhonde lawo atayang'ana kukhoma, ine kuseri kwa nkhokwe, mkazi wanga pakati. Apongozi amayankhula mokweza moti akatsokomola mabwato amagwedezeka padoko, koma mwamwambo ine sindimva kanthu mpaka mkazi wanga abwereze.

Zolipiritsa masiku okhaokha apongozi sanazitsutse. Anati n'chimodzimodzi ganyu wopalira mpunga, munthu amalandira za masiku amene walowa m'madzi. Anangofunsa kuti mayiyo analowa liti, nanga ndamuwerengera masiku angati. Mkazi wanga anapereka mayankho anga. Kenako ndinamva apongozi akuitanitsa lichero ndi chimanga chimodzi chosatonola, ndipo ndinamva njere zikugwera m'lichero imodziimodzi.

Apongozi sanapite kusukulu. Anatonola njere makumi atatu ndi imodzi, mwezi wonse. Kenako anayamba kuchotsa njere za masiku amene m'chipindamo munalibe munthu, kuyambira pa 1 mpaka Lolemba pa 18. Zotsalazo anaziwerenga kawiri.

"Uwafunse bambo a kwanuwo," anatero kwa mkazi wanga, "tsiku lakhumi ndi chitatu alisiya kuti?"

Mkazi wanga anabwereza, ngakhale kuti ndinali nditamva ine, aneba, ndi asodzi amene anali pakati pa nyanja. Ndinayankha kuti foni yanena 12. Apongozi anati iwo foni sakuidziwa, akudziwa kuti Lachiwiri mpaka Lolemba ndi masiku asanu ndi awiri, Lachiwiri linalo mpaka Lamulungu lothera mwezi ndi asanu ndi limodzi. Ndinawerenga pa zala kuseri kwa nkhokweko, zala za manja zitatha ndinabwereka za kuphazi, ndipo zinakwana 13. Pochotsera 19 ndinali nditataya tsiku la 19 lenilenilo, tsiku limene mayi uja analowa. Zoyenera kuchotsa zinali 18.

Munthu wanzeru akanavomera pomwepo. Ine ndinatumiza mawu akuti mayiyo anafika masana, dzuwa litapendeka kale, ndiye tsikulo silinali lathunthu.

"Usiku wa Lachiwirilo anagona mumtengo?" anafunsa apongozi.

Funso limeneli mkazi wanga sanalibwereze. Anangobwera kuseri kwa nkhokwe n'kundiyang'ana.

Lendi ya masiku 13 inkayenera kukhala K8,387, tinene K8,400. Inkaperewera K650, ndalama yosakwana ngakhale kabaza wopita kutali. Koma apongozi sankaganiza za kuchepa kwake. Kwa iwo munthu wa Folomu 4 sakanalephera kuwerenga masiku amene mayi wosadziwa kulemba dzina lake wawawerenga ndi chimanga. Ndiye kuti mayi uja analipira masiku onse 13, ine n'kulemba 12, tsiku limodzi n'kulowa m'thumba mwanga. Mlamu wanga nayenso ankayamba ndi zing'onozing'ono. Apongozi anati makiyi ndigone nawo, koma pofika Lamulungu akhale atamva chenicheni.

Ndinauza mkazi wanga kuti nkhaniyi ndi yosavuta, ndingotulutsa K650 yanga ndiwonjezere. Iye anandigwira dzanja lisanafike m'thumba. Anati kwa amayi ake wobweza ndalama ndi amene anaitenga, ndipo ndikangopereka ndiye kuti ndavomera kuba. Risiti nayonso sikanandithandiza, poti wolemba ndinali ine ndemwe. Munthu mmodzi yekha ndi amene akanandiyeretsa.

Loweruka m'mawa ndinawapeza mayi aja pathandala akutembenuza matemba. Ndinayamba ndi moni wautali, ndinafunsa za ku Songani, za mitengo padoko, za denga ngati likudontha. Nditafika pa nkhani ya masiku, sanasiye n'komwe ntchito yawo.

"Ndinaona tsiku lomwelo, achimwene," anatero. "Ine ndimawerenga mabeseni tsiku ndi tsiku, loyamba sindilidumpha. Ndinkayesa mwandiikira banyira."

Banyira ndi kaja wogulitsa amakuwonjezera pamwamba ukagula bwino, katomato kamodzi kapena kadzanja ka matemba. Ndinawauza kuti lendi ilibe banyira. Iwo anati padoko mtengo ukatha watha, ukawerenga molakwa umalira wekha, ndipo risiti ali nayo yosainidwa bwino kwambiri. Apa ndinasiya za Folomu 4. Ndinawauza zoona zake, kuti ndalamayo sindikuifuna kwenikweni, koma apongozi akundiyesa wakuba ndipo makiyi akupita. Anaseka mpaka ntchentche zonse zinanyamuka pathandala nthawi imodzi, kunachita mdima pang'ono, nkhuku zina zinayamba kulowa m'khola. Zimenezi ndinaziona ndi maso angawa. Atatha kuseka anati abwera madzulo, akaswali kaye poti ndi Asilamu.

Anabweradi dzuwa lisanalowe, atanyamula mbale yovundikira. Iwo poti si mkamwini anakhala pamphasa pafupi ndi apongozi, maso ndi maso, ine ndili kumalo kwanga kuseri kwa nkhokwe. Anamasula kansalu kaja n'kufotokoza ndalama imene anabwera nayo kuchokera ku Songani, imene anagulira nsomba, ndi imene anandipatsa ine: K7,750, osaposa. Anati anaona kuti bamboyu wadumpha tsiku koma anangokhala chete, poti wogula sakumbutsa wogulitsa. Apongozi anafunsa kawiri ngati sanandipatse kena kapadera. Mayiwo analumbira kuti ngakhale madzi akumwa sindinawapemphe.

Apongozi anati banyira amapereka ndi mwini katundu, osati wotumidwa. Mayiwo anavomera, koma anati ndalama yonse ili m'nsomba mpaka akagulitse, n'kuvundukula mbale ija. Munali matemba odzaza mpaka pamwamba. Awiriwo anakambirana kwa nthawi yaitali ngati mbaleyo ikukwana K650, apongozi akuti yaperewera, mayiwo akuti yapitirira, mpaka mayiwo anawonjezera kadzanja kamodzi kuchokera m'thumba lawo ndipo nkhani inatha. Za ine anali ataiwala. Miyendo inachita dzanzi, koma mkamwini sachoka pamlandu wake asanauzidwe.

Mlendo atapita, apongozi anaitana mkazi wanga.

"Ukawauze kuti si akuba," anatero. "Kungoti sadziwa kuwerenga. Makiyi asunge."

Mkazi wanga anabwera kudzabwereza mawuwo onse, osasiyako ngakhale limodzi, ndipo gawo lapakatilo analinena kawiri. Panalinso lamulo latsopano. Munthu akalowa pakati pa mwezi, kugawa lendi ndi masiku a mweziwo ndizichita ine pafoni, poti pamenepo sindinalakwitse. Koma masiku amene munthuyo akhalemo aziwerenga apongozi eni ake, ine ndizingolandira nambala kudzera kwa mkazi wanga.

Ndinafunsa ngati ndingalembe risiti ina yokonza yoyamba ija. Yankho linabwera lakuti ndilembe, koma ndiwerenge mokweza ndili kuseri komweko kuti amve. Ndinalemba kuti chipinda chapakati, Malichi 19 mpaka 31, masiku 13, K7,750 ndi mbale imodzi ya matemba.

"Ndi kadzanja," anatero apongozi.

Ndinadikira kuti mkazi wanga abwereze, kenako ndinawonjezera.