Madokotala a achimwene sanabwerenso

Sukulu ndinayamba ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, nditatopa ndi kubusa ng'ombe za amalume m'mapiri a kufupi ndi Nsipe. Amene anandikakamiza anali achimwene anga aakulu, omwe pa nthawiyo ankagwira ntchito ku migodi m'dziko lina la kumwera. Atabwera ku tchuthi anandipeza kudambo, nandilanda chikwapu.

“Iwe, mapapo a banja lino ndikuwononga ndine. Iwe ukawononge mabuku,” anatero.

Ndinakhala pa benchi limodzi ndi ana ondilekeza m'chiuno. Ankanditcha agogo. Manyazi amenewo sanandichoke, ngakhale pamene ndinadzalembedwa ntchito m'boma, n'kuphunzira malamulo ndili ndi imvi kale, mpaka kufika mu ofesi yosunga ndi kulongosola mapangano a dziko lathu ndi mayiko ena ku Lilongwe. Anzanga onse mu ofesimo anali aang'ono kwa ine, ndipo Chingerezi chawo chinkayenda ngati madzi. Changa chinkakhumudwa m'njira.

Mwa mapangano amene ankadutsa pa desiki langa munali limodzi lakale, la pakati pa ife ndi dziko lomwe achimwene anagwirako ntchito. Ife tinkalola kuti adzatenge anthu kuno okagwira ntchito. Iwo, mwa zina, analonjeza kutumiza madokotala chaka chilichonse kudzaunika zifuwa za amene anabwerera kumudzi. Wopezeka ndi matenda a fumbi la mumgodi ankalembedwa m'kaundula, ndipo polembedwa ankakhala ndi ufulu wolandira chithandizo moyo wake wonse. Madokotalawo ankayenda boma ndi boma, pang'onopang'ono. Ulendo umene anafika ku Ntcheu, achimwene anali ku maliro a apongozi awo ku Tsangano, ndiye anawaphonya. Sanadandaule. Anati adzawapeza ulendo wina.

Kenaka madokotala analeka kubwera. Chaka chinatha, china n'kutha. Tinkalemba makalata odandaula, ndipo sitinkadumphitsa chaka, chifukwa dziko lodziwa kuti laphwanyiridwa pangano n'kumachita ngati zonse zili bwino limataya mwayi wodzagwiritsa ntchito mlanduwo. Potsiriza anatiyankha. Anati zinthu zasintha kotheratu: migodi yambiri yatsekedwa, yotsalayo ikugwiritsa ntchito makina, anthu akunja sakufunikanso monga kale. Sananene poyera kuti akutuluka m'panganolo. Ankangogwedeza chitseko kuti aone ngati chingatseguke.

Mkulu wa ofesi yathu anali mayi wina, loya wodekha, wausinkhu wa mwana wanga woyamba. Atawerenga kalatayo anaseka.

“Bambo, apa alibe potulukira,” anandiuza. “Kuti dziko lithawe pangano ponena kuti zinthu zasintha, kusinthako kukhale kumene onse awiri sanakuyembekezere, kukhudze chimene anagwirizanirapo, ndipo kusandulize udindo wotsalawo kukhala chinthu china. Taonani ndime iyi. Analemba okha kuti kuunika kudzapitirira ngakhale chiwerengero cha olembedwa ntchito chitatsika. Anaziona kale. Ndiye kuunika chifuwa lero kwasiyana pati ndi kuunika chifuwa dzana?”

Maganizo ake anali akuti popeza iwo aphwanya ndime yofunika kwambiri pa cholinga cha panganolo, ife tiimitse kwa kanthawi mbali imodzi yokha, yowalola kudzatenga anthu, mpaka madokotala atabwerera. Pangano loimitsidwa limakhala lidakali lamoyo. Ndime ya madokotala ikanakhalabe pakhosi pawo.

Ine sindinafune zimenezo. Mlungu umenewo n'kuti nditangobwera kuchokera kumudzi, kumene ndinaona achimwene akupuma katatu pokwera kamtunda kochokera kudimba la mbatata. Ndinali ndi mkwiyo. Koma ndisanamizire mkwiyo wokha. Ndinkafunanso kuti kamodzi kokha anthu aja a Chingerezi chosalala amve mawu anga n'kukhala chete.

Pa msonkhano ndi akuluakulu ndinapempha kulankhula. Ndinati malamulo amatilola kusankha, kuimitsa kapena kuthetseratu, ndipo zimenezo zinali zoona. Ndinati kuimitsa n'kunyengerera munthu amene wakulavulira. Ndinati ine ndine wa ku Ntcheu, ndaika m'manda anthu otsokomola fumbi, ndipo dziko lodzilemekeza silisunga pangano ndi anthu otere. Ndinati tikawaopseza kuti tithetsa, adzathamanga okha kudzapepesa.

“Nanga akapanda kuthamanga?” anafunsa mayi uja.

“Mayi, inu migodi mumaidziwira m'mabuku,” ndinayankha.

Anthu anaseka. Iye anatseka fayilo yake. Bwana wina wamkulu anandigwira paphewa potuluka. “Madala, lero mwatiuza zoona.” Ndinayenda mpaka kokwerera minibasi ndikumva ngati ndatalika.

Akuluakulu anasankha zothetsa. Kalata yopita ku dziko lija ndinalemba ndine, a nduna n'kusaina. Inanena chifukwa chathu, kuti aphwanya pangano pa mfundo yaikulu, inanena chimene tikufuna kuchita, ndipo inawapatsa miyezi itatu kuchokera tsiku lolandira, monga mwa lamulo. Akanatsutsa m'miyezi imeneyo, tikanayenera kukhala pansi n'kufunafuna njira yothetsera mkanganowo. Ndicho ndinkadikira. M'mawa uliwonse ndinkayamba ndafunsa ku kaundula wa makalata ngati kwabwera chochokera ku ofesi ya kazembe wawo. Kunabwera kapepala kamodzi, ka mizere iwiri, kovomereza kuti kalata yathu ailandira.

Mwezi wachiwiri uli pakati ndinapita kumudzi pa Pasaka. Ndinapeza achimwene atakhala pakhonde akusankha mbewu ya mbatata, zowola uku, zabwino uku. Alamu, akazi awo, anali pambali akusenda nyemba.

“Bwana wa boma wafika,” anatero achimwene. “Mayi, mupatseni mpando wa anthu a mapepala, wa ife alimi ungamudetsere thalauzi.”

“Musiyeni mlamu wanga apume,” anatero alamu. “Inu mukachira muzidzavuta anthu.”

Achimwene atatsokomola kwa kanthawi analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kathumba ka pulasitiki. Munali chitupa chawo cha ku mgodi, chofiirira ndi ukalamba, chithunzi chake cha mnyamata wa khosi lonenepa.

“Akuti madokotala aja akafika amafuna ichi. Ndachisunga bwino, njenjete sizinachikhudze. Iwe uli kumeneko, umamva. Abwera liti?”

Pamenepo ndi pomwe mutu wanga unatseguka. Pangano likatha, ufulu umene munthu anaupeza kale pamene linkagwira ntchito sufafanizika. Olembedwa m'kaundula adzapitiriza kuthandizidwa. Koma udindo wochita zam'tsogolo umathera pomwepo, kwa onse awiri. Madokotala sadzakhalanso ndi chowabweretsa. Ndipo achimwene m'kaundula munalibe. Anthu a dziko lija ankafuna chitseko, malamulo anawakaniza, ine n'kuwatsegulira ndi manja anga. Kukhala chete kwawo sikunali mantha ayi. Ankangowerenga masiku.

“Tikukonza, achimwene,” ndinatero. “Nkhani yake ili pa desiki langa.”

“Wamva, mayi? Ili pa desiki pake. Si ndinanena kuti chikwapu chija ndinalanda bwino?”

Chimene chimandidya mpaka lero si msonkhano uja. Munthu amalakwa. Chimandidya n'chakuti nthawi inalipo. Kalata yotero ikhoza kubwezedwa nthawi iliyonse isanayambe kugwira ntchito, ndipo ndinkadziwa. Panatsala milungu isanu ndi umodzi. Ndikanangogogoda pa chitseko cha mayi uja n'kunena kuti munkanena zoona, tiyeni tipite kwa akuluakulu. Kawiri ndinafika pa chitsekocho. Ulendo wachiwiri anatsegula yekha, akutuluka, n'kundipeza nditaima.

“Bambo, pali kanthu?”

“Ayi, mayi. Ndimafuna kubwereka sitepula.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundipatsa sitepulayo. Ndinkaona nkhope za anthu amene anaseka tsiku lija, ndinkamva akunena kuti madala aja a sukulu ya mochedwa asokoneza. Ndinadziuza kuti mwina atsutsa mlungu wamawa. Mlungu wamawawo unafika kasanu ndi kamodzi.

Miyezi itatu itakwana popanda kutsutsa, tinatumiza chikalata chomaliza chothetsa panganolo, chosainidwa ndi a nduna. Nachonso ndinalemba ndine. Yankho lawo linali laulemu kwambiri. Anati amva chisoni, koma akulemekeza chiganizo cha dziko lathu.

Patapita zaka anzathu ena anayesa kuyambitsa zokambirana za pangano latsopano. Sizinapite patali. Munthu amene wamasulidwa goli sabwerera yekha kudzaliika pakhosi, ndipo ife tinalibenso choti tiwapatse. Ine n'kuti nditapuma ntchito, nditabwerera kuno kumudzi.

Ndinayesa zimene ndikanatha. Ndinapita nawo achimwene ku chipatala, anawajambula chifuwa, anawapatsa mankhwala ochepetsa kubanika. Dokotala ananena zimene tinkadziwa kale, kuti fumbi likalowa m'mapapo silituluka. Nthawi zina ndimadzitonthoza ndi mawu amenewo: ngakhale akanalembedwa m'kaundula, sakanachira. Koma m'mudzi moyandikana nafe munali mnzawo wa mgodi umodzi, wolembedwa. Iye anali ndi makina a mpweya m'nyumba, ndipo ankapita kukaonedwa nthawi ndi nthawi. Anakhala zaka zambiri akumwalira pang'onopang'ono, koma akugona tulo. Achimwene miyezi yawo yomaliza ankagona chokhala, atatsamira thumba la chimanga, chifukwa akagona chagada mpweya unkawathawa.

Sanaleke kufunsa za madokotala. Ndikalowa, moni asanamalize, ankati, “Nanga anzako aja?” Ine ndinkati zinthu za maboma zimachedwa. Tsiku lina anandiyang'ana n'kumwetulira.

“Iwe mphwanga, bodza sulitha. Akukana eti? Usadandaule. Wayesetsa. Anthu aja ndimawadziwa ine, ndi ouma mtima.”

Ndinavomera ndi mutu. Anamwalira nyengo yokumba mbatata, akukhulupirira kuti ndinawamenyera nkhondo.

Sindikudziwa kuti ndi amuna angati a ku Ntcheu kuno, a ku Dedza, ndi kwina, amene anaphonya madokotala chifukwa cha maliro, mvula, kapena mlatho woduka, n'kumadikira ulendo wina. Sindinayesepo kufufuza. Ndikawaona pa msika wa Nsipe, okalamba oyenda pang'ono n'kuima, dzanja pachifuwa, ndimawolokera tsidya lina la msewu.

Mayi uja ndinakumana naye kamodzi, pa ukwati ku Lilongwe. Anandipatsa moni mwaulemu, nafunsa za kumudzi. Ndinati achimwene anatisiya. Anati pepani, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. Za pangano sanatchule, inenso sindinatchule.

Alamu akadali moyo, ngakhale maso ayamba kuchita khungu. Mwezi wathawu anandiitana, n'kundipatsa kathumba ka pulasitiki kaja.

“Alamu, ichi chikhale kwa inu. Inu ndi amene mumadziwa za maofesi. Mwina tsiku lina adzabwera, adzafuna kuona kuti munthuyu analipo.”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze zoona zake. Ndinali nditakonza mawu ake kwa zaka zambiri, m'Chichewa chosavuta, opanda ndime kapena lamulo. Iwo anali akundiyang'ana ndi maso awo otuwawo, akudikira.

“Ndichisunga bwino, alamu,” ndinatero.

Chili m'sutikesi, pansi pa satifiketi yanga ya malamulo.