Nambala ya Jasper

"Iwe ukuti ukufuna kulemba m'nyuzipepala. Anthu asanu akamayankhula nthawi imodzi, udzalemba za ndani?" Anandifunsa choncho azakhali anga a Tryphena, chaka chino, nditangosiya sukulu. Ndinayankha m'Chishona kuti za wamkulu. Anaseka, kenako anandiuza za Lachinayi lina.

A Tryphena anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe kuno, bambo awo atabwera wapansi kuchokera ku Dedza. Anaphunzira kutayipa ku tchalitchi, nakhala zaka zisanu ndi zinayi akuyankha mafoni m'tauni. Pofika mu 2008 anali kalaliki wa kampani yaing'ono yosamalira nsanja za mafoni a m'manja. Mabwana ankakhala ku Harare. Ku Chitungwiza kuno kunali kachipinda ku Unit A, amisiri awiri, njinga yakapalasa, foni ya patebulo ndi iwowo. Malipiro ankasungunuka asanafike kunyumba. Chimene chinkasunga anthu pantchito chinali thumba la ufa la mwezi ndi mwezi.

Nsanja ikazima, pankakhala msonkhano wa pa foni wounika zimene zachitika, ndipo olemba chidule anali iwo. Chidulecho chinkakhala ndi zigawo zitatu: ndondomeko ya nthawi, gwero la vuto, ndi zokonza zimene agwirizana. Ankati ntchito yake ili ngati kupeta, mankhusu ake ndi mawu a anthu okwiya.

Lachiwiri la sabata ya Lachinayi lija nsanja ya ku Zengeza 2 inazima maola awiri ndi theka. Lachinayi m'mawa anakhala pafupi ndi foni, ataika poti onse amve. Pambali pawo panali Fabiano, mmisiri wa makolo a ku Mozambique, chipewa chili pabondo. Ku Harare kunali bwana wawo, bambo Hezekiah, ndi injiniya wa eni nsanjayo. Bwanayo anayamba ndi mapeto: Fabiano anachedwa, ndipo chidule chikatuluka, kalata yomuchotsa ntchito itsatira.

Injiniya anapempha kuti ayambe ndi nthawi, a Tryphena nkumalemba. Magetsi anathima 5 koloko m'mawa, nsanja niyamba kudya mabatire. Jenereta sinadziyatse, chifukwa Lachisanu lapitalo bwana analamula pakamwa kuti majenereta onse aziyatsidwa ndi dzanja pofuna kusunga dizilo. Mabatire akatsika, alamu izitumiza meseji kwa mmisiri, iye athamange kukayatsa. Meseji inatuluka 9:40. Nsanja inazima 11:15. Eni ake anaimba ku Unit A 11:50. Fabiano anali kutali, akukonza nsanja ina. Anapalasa njinga, nafika 1:30, ndipo pa 1:45 anthu anayambanso kuimba.

Bwana anati kuchokera 9:40 mpaka 1:30 munthu angathe kupita ku Marondera ndi kubwerako. Fabiano anati meseji sanaione. Bwana anafunsa ngati foniyo anaisinthanitsa ndi mafuta ophikira. Pamenepo injiniya anawerenga zimene makina a alamu anasunga, mpaka nambala imene meseji inapitako.

Palibe anaizindikira kupatula a Tryphena. Munthu woyankha mafoni zaka zisanu ndi zinayi saiwala nambala. Inali ya Jasper, mmisiri amene ankayang'anira Zengeza 2 kale.

Jasper anawoloka Limpopo mu Febuluwale, osatsanzika. Masiku amenewo munthu akapita ku Joni, anzake sankati wasiya ntchito, ankati ali pa tchuthi. Dzina likakhalabe m'buku, thumba la ufa linkabwerabe. Mkazi wake Lena, wa ku Manyame Park, ankabwera kudzalitenga ali ndi mwana kumsana, wina pa dzanja. A Tryphena analemba tchuthi, kenako tchuthi chodwala, kenako tchuthi chamaliro. Fomu ya munthu wochoka sanaidzaze, ndipo pa fomu imeneyo ndi pamene pali mzere wolamula kuchotsa nambala yake mu alamu. Pa pepala la pakhoma anafufuta Jasper nalemba Fabiano. Makina sawerenga zapakhoma. Kwa miyezi itatu palibe chinaoneka, poti jenereta inkadziyatsa yokha.

A Tryphena anayang'ana Fabiano. Ankadziwa kuti ali ndi ana anayi ndi apongozi odwala miyendo. Ankadziwanso kuti akangokhala chete, nambalayo angathe kukaisinthitsa mawa mwakachetechete, Lena nkumalandirabe ufa. Cholembera chinaima. Ku Harare bwana anali atayamba kale kuwauza mawu oti alembe pa gwero la vuto.

"Bwana, nambala imeneyo si ya Fabiano," anatero a Tryphena. "Ndi ya Jasper. Ali ku Joni kuyambira Febuluwale. Fomu yake ndine sindinadzaze."

Fabiano anatembenuka nanong'ona m'Chichewa kuti a ku Harare asamve: "Asisi, mwadziwotcha."

"Gwira chipewa chako bwino, chigwa," anamuyankha.

Bwana anakalipa kwa kanthawi. Injiniya anamudikira, kenako anati iye sanabwere kudzasaka mfiti, akufuna kuti nsanja isazimenso. Anafunsa chifukwa chake alamu inali ndi nambala imodzi yokha, komanso ndani anaiyesa pa tsiku limene anasintha kayatsidwe ka majenereta. Palibe anaiyesa. Apa mawu a bwana anatsika.

Chidule a Tryphena anachitayipa madzulo omwewo magetsi atabwera. Pa ndondomeko ya nthawi, mzere uliwonse anaika ola ndi kumene olalo lachokera: makina a alamu, buku la mafoni, kapena pakamwa pa Fabiano. Anamuwerengera kuti atsimikize. Pa gwero la vuto analemba kuti chenjezo linapita ku nambala ya munthu amene anachoka, chifukwa kuchoka kwake sikunalembedwe ku Unit A, ndiponso kuti jenereta inachotsedwa podziyatsa yokha alamu isanayesedwe. Mawu oti kuchedwa sanawaike. Mawu oti chifundo, amene ankawayabwa m'zala, sanawaikenso. Pa zokonza, chilichonse chinali ndi dzina ndi tsiku. Fabiano aike nambala ziwiri mu alamu ya nsanja iliyonse pofika Lolemba, ina ikhale ya amene ali pa ntchito ku ofesi. Alamu iziyesedwa Lachisanu lililonse. Bwana alembe papepala lamulo lililonse lokhudza majenereta, ndipo ya ku Zengeza 2 ibwerere podziyatsa yokha. Iwo eni adzaze fomu ya Jasper tsiku lomwelo. Anatumiza pa fakisi tsamba limodzi.

Fabiano sanachotsedwe. A Tryphena analandira kalata yochenjeza, ili m'Baibulo lawo mpaka lero. Kutha kwa mwezi Lena anabwera monga mwa masiku onse, mwana kumsana, ndipo a Tryphena anamuuza okha ali chiimire pakhomo kuti thumba la ufa silibweranso. Lena sanatukwane. Anangofunsa ngati ana a Fabiano amamva njala yosiyana ndi ya ana ake. Kuyambira pamenepo akakumana pokwerera minibasi, amayang'ana kumbali.

Nditamva zonsezi ndinalemba masamba atatu, nditawaveka azakhali anga nkhata ya maluwa, ndipo ndinali nditapeza kale envulopu yotumizira ku nyuzipepala. Atawerenga anandibwezera. Anati nthawi ndalemba bwino, koma iwo sakudziwabe ngati ana a Lena anadya mwezi umenewo, ndipo alibe nkhope yokafunsira. Envulopu ija ndaibisa kaye. Loweruka ndiyenda wapansi kupita ku Manyame Park, ndikagogode kwa Lena, ndipo akandilola kukhala pansi ndikalemba zake.