Alamu anga ankandipenyera pagalasi la ometa

Masewera a pakompyutawa ndinawaphunzitsa ndine alamu anga, ndipo ichi ndi chimene chinkandipweteka kwambiri. Tsiku loyamba ankagwira mausi ngati agwira khoswe wamoyo, ine n'kumawaongola dzanja moleza mtima. Patangotha miyezi itatu anayamba kundigonjetsa Loweruka lililonse, osaphonya.

Nthawi imeneyo ndinali ndi kashopu kokonza makompyuta ndi kusindikiza mapepala pa Chileka, ndipo chipindacho tinkagawana ndi mkulu wina wometa tsitsi. Loweruka masana makasitomala akachepa, ndinkaika makompyuta awiri akale patebulo limodzi, atapatsana msana, n'kuwalumikiza ndi waya. Osewera tinkakhala moyang'anizana. Alamuwo, achimwene a mkazi wanga, ankaphunzitsa pasukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Lirangwe. Ankabwera pa minibasi ndi jekete lawo la kutchalitchi, akumwetulira asanalowe n'komwe.

Masewera ake ndi a nkhondo. Aliyense amayamba ndi kamudzi ndi antchito ochepa, amadula mitengo, amalima, amamanga nyumba za asilikali, ndipo palibe zodikirana kuti wina ayambe waponya, zonse zimachitika nthawi imodzi. Asilikali a mikondo amapha a pa mahatchi, a pa mahatchi amapha oponya mivi, oponya mivi amapha a mikondo. Choncho amene wadziwa zimene mnzake akukonza, ndiye kuti wapambana kale theka la nkhondo.

N'chifukwa chake amene anapanga masewerawa anaikamo chifunga, chimene anyamata a pa Chileka ankangoti fogi. Mapu onse amayamba ali bii. Umaona pokhapokha pamene pali munthu wako kapena nyumba yako, kabwalo kowala kozungulira iyeyo. Munthu wako akachoka, malowo sabwereranso kumdima koma amachita mbuu. Mitengo ndi mitsinje umaionabe, nyumba za mdani umaziona mmene unazisiyira, koma zimene zikuchitika pamenepo tsopano suzidziwa. Mwina nyumba ija anaigwetsa kalekale, mwina pambali pake paima asilikali makumi atatu. Ukafuna kudziwa uyenera kutuma mzondi, ndipo mzondi amafa, amafuna chakudya, amakudyeranso nthawi imene ukanamangira mudzi. Popanda chifunga sipangakhale kubisalira, kunamiza kapena kulimba mtima. Aliyense akanangoyang'ana za mnzake n'kupanga zomuthana nazo.

Kugonja pakokha sindikanadandaula. Chinandilasa ndi zimene zinachitika ku Lirangwe nthawi yokolola. Tinapita kukathandiza apongozi kutonola chimanga, ndipo pabwalo panali anthu ambiri, azakhali a mkazi wanga, asuweni, ngakhale mkulu wa mpingo amene ankangodutsa. Alamu anaimika dengu n'kunena mokweza kuti, "Inu amayi, mkamwini wanuyu ndimamuwotchera mudzi Loweruka lililonse. Munthu wolephera kulondera mudzi wa m'kompyuta, mlongo wanga ndi ana angawalondere?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Inenso ndinaseka, popeza chilamu ndi nthabwala, ndipo mkamwini sakwiyira mwinimbumba pabwalo la eni ake. Koma kuyambira tsiku limenelo ana a kumeneko ankati akandiona, "Abwera a mudzi wopsa." Dzina langa lenileni linatha ku Lirangwe. Ndinkalifuna libwerere, ndipo ndinkafuna kuti alamu alibweze okha ndi pakamwa pawo pomwepo.

Masewerawa amasunga nkhondo yonse, moti ukhoza kuionera pambuyo pake, n'kusankha kuona ndi maso a wosewera aliyense. Lolemba lina magetsi atangoyaka ndinatsegula nkhondo zathu zisanu ndi maso a alamu. Ndinkafuna kuphunzira kuti azondi awo amadutsa pati. Sindinapeze mzondi ngakhale mmodzi. Mbali yanga ya mapu inali bii kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Komabe ndikamanga khola la mahatchi, iwo ankayamba mikondo nthawi yomweyo. Ndikabisa asilikali kuseri kwa nkhalango, gulu lawo linkalambalala nkhalangoyo ngati wina wawanong'oneza.

Poyamba ndinaganiza za mapulogalamu obera pamasewera. Kompyuta ya wosewera aliyense m'masewera ngati athuwa imadziwa zonse zimene zili pamapu, chifunga chimangophimba posonyeza, ndiye pali timapulogalamu tovundukula. Ndinafufuza makina onse, osapeza kanthu. Ndiponso alamu sakanatha, munthu woti kusindikiza kalata ankandiitana.

Kenako ndinakhala pampando wawo n'kukweza maso. Kukhoma la kumbuyo kwa mpando wanga kunali galasi lalikulu la ometa. Ndinapendeketsa mutu pang'ono, ngati munthu amene khosi latopa, ndipo sikirini yanga yonse inali pamenepo, yotembenuka koma yooneka bwinobwino. Ine ndili ndi chizolowezi chokhala mopendamira kumanzere, chigongono patebulo, choncho thupi langa silinkaphimba kanthu. Ndinakumbukira mmene alamu ankadandaulira za khosi Loweruka lililonse, mpaka tsiku lina ndinawagulira mafuta otikitira.

Ometa anandipeza ndidakali pampando wa alamu. Nditawaonetsa anati, "Aa, ingotchingani ndi nsalu basi, nkhani ithe."

"Nsalu ayi," ndinatero. "Galasi likhale momwemo. Mulipukutenso."

Kutchinga kukanathetsa kuba, koma sikukanandibwezera dzina. Kuwanena alamu kuti ndi akuba sindikanathanso. Akanakana, nkhani ikanafika kwa apongozi, ndipo wolakwa akanakhala ine, mkamwini wosadziwa nthabwala. Mlandu suwola, ndinadziuza. Kwa masabata atatu ndinapitiriza kugonja, ndikumwetulira, kwinaku mkati mwa sabata ndikuyeserera. Ometa ankakhala pampando wa alamu n'kumandiuza kuti, "Apo ndikuona. Apo mwatseka." Ndikakhala mowongoka nditavala jekete lalikulu, msana wanga unkaphimba sikirini yonse. Ndikapendama, inkaonekera. Ndinaphunziranso kuika nyumba za asilikali pa manambala a kiyibodi, kuti ndiziitanitsa asilikali popanda kuyang'ana kumene akutulukira.

Tsiku la fote alamu analisankha okha. Loweruka lina la mu Juni, kukuzizira, anabwera ndi anzawo awiri a kwaya ya ku Lirangwe, anthu amene analipo tsiku lotonola chimanga lija. "Ndati adzaonere okha, alamu, asamati ndimakunamizirani," anatero. Ndinatumiza uthenga kunyumba kuti mkazi wanga abweretse tiyi wa alendo. Ndinkafuna akhalepo, ndipo anabweradi. Oonerera tinawaimika kumbuyo kwa alamu, ndi lamulo lakale loti woonerera salankhula.

Titayamba ndinapendama monga mwa masiku onse. Ndinamanga makola awiri a mahatchi pakati pa mudzi, n'kutulutsa okwera anayi okha, ndipo ndinkawayendetsa uku ndi uku pamaso pa sikirini kuti azioneka ambiri. Ndinaona khosi la alamu likupendekeka, mtima wanga n'kuchita kuti myaa. Kenako ndinawongoka, ngati ndikukonza jekete. Ndinathamangira kungodya ya mapu, kuseri kwa phiri, n'kuika nyumba zitatu za oponya mivi. Zitatha ndinazipatsa nambala, ndinabwerera kumakola, n'kupendamanso. Kuyambira pamenepo maso anali pa mahatchi, zala zikuitanitsa mivi.

Mzondi wanga woyamba anafera pachipata cha mudzi wawo, wachiwiri analowa. Anaona zimene ndinkayembekezera, mikondo yokhayokha, mulu wa anthu, popanda hatchi ngakhale imodzi. Alamu akanangotuma munthu mmodzi kuzungulira phiri lija, bodza langa lonse likanagwa. Koma miyezi yonseyi sanaphunzire kuzonda, popeza sankafunikira.

Anatuluka ndi gulu lonse, akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Ndinawatumizira okwera anayi aja kuti awaone n'kuthawa, ndipo anawalondola mpaka pampata wa pakati pa phiri ndi mtsinje. Kwa iwo kutsogolo kunali mdima. Mivi inayamba kugwa kuchokera mumdimamo, ndipo pamene asilikali awo ankafika poona amene akuwalasa, theka linali litagona. Otsala anayesa kuthamangira oponya mivi, ine n'kumabwerera m'mbuyo pang'ono, kulasa, kubwereranso. Sindinawasiyire ngakhale mmodzi. Ndinalowa m'mudzi mwawo n'kuwotcha nyumba imodziimodzi, mosafulumira, kuyambira nkhokwe. Ndinkamva kukoma, ndisaname.

Alamu anakankha mausi n'kuimirira. "Sizingatheke izi. Mivi yachokera kuti? Munali ndi mahatchi okhaokha, makola awiri, ndinawaona ndi maso angawa."

Ndinadikira pang'ono kuti mawuwo afike kwa aliyense.

"Munawaona bwanji, alamu?" ndinafunsa mwaulemu wonse. "Abambo, taonani pamapu awo apo. Mudzi wanga ukuoneka?"

Mmodzi wa a kwaya aja anawerama. Sankadziwa masewerawa, koma mdima aliyense amaudziwa. "Kuno kuli bii," anatero. "Sanafikeko n'komwe."

Ometa, amene ndinawapempha kuti asanene kanthu, anangotenga kansalu n'kuyamba kupukuta galasi lawo pang'onopang'ono. A kwaya anayang'ana galasilo, anayang'ana sikirini yanga mmenemo, kenako anayang'ana pansi. Wachiwiri uja anayesa kubweza chiseko koma chinatulukira m'mphuno. Alamu anatenga jekete lawo, tiyi osamwa, n'kunena kuti minibasi za ku Lirangwe zimavuta madzulo.

Nkhani inafika kumudzi iwo asanatsike n'komwe. Nditapitako mwezi wotsatira ana anandilonjera ndi dzina langa, ndipo azakhali ena anandigwira dzanja nthawi yaitali akuseka. Dzina latsopano linali litapita kwa alamu. Sindilemba pano, koma likukhudza khosi, ndipo ndamva kuti ana asukulu nawonso analitola.

Ku shopu alamu sanabwerenso. Kumaliro ndi kuzinkhoswe timapatsana moni wa manja awiri, kufunsana za mvula, basi. Patapita sabata, mkazi wanga akusita yunifolomu ya mwana wathu wamkazi anati, osandiyang'ana, "Munadziwa liti za galasi lija?"

"Panapita masabata atatu."

"Masabata atatu mukudya nawo, mukuseka nawo. Ndipo ine munandiitanira tiyi." Anatembenuza diresi. "Analakwa, sindikukana. Koma mwanayu akadzapeza mwamuna, woimirira ngati nkhoswe ndi malume ake omwewo. Mudzapite nokha ku Lirangwe mukawapemphe, ine sindidzakuperekezani."

Papita zaka tsopano, ndipo mwanayo chaka chino wabweretsa mnyamata wa ku Mdeka kudzamuonetsa. Ulendo wa ku Lirangwe ndaukonza Loweruka likubwerali, ndipo nkhuku yopita nayo ndagula kale. Ndakhala ndikuyeserera mawu opepesa, koma ndikafika pakati pakamwa pamayamba kumwetulira pokha.